Mlamu wanga wachira: ndilembe chiyani pachithunzi, nanga ndidikire mpaka liti?

Make Pemphero: Moni nonse pagulu pano. Mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga wamng'ono, wachira dzana usiku. Ndi mwana wamkazi, woyamba. Anawatulutsa dzulo masana ndipo ali kwawo kwa mkaziyo cha ku Chisitu, poti mchimwene wangayo ali pachikamwini. Ife kwathu ndi ku Thekerani, koma ine ndimakhala pa Luchenza. Bambo a mwana anditumizira zithunzi ziwiri, china cha muwodi, china cha kunyumba, ndipo mtima sukundilola kukhala chete. Ndalemba mawu awa oti ndiike pa sitetasi ndi pa Facebook, dzina lokha ndalichotsa pano: "Ambuye alemekezeke! Takulandira mwana wathu Uje, wabadwa Lachiwiri 11 koloko usiku pachipatala cha boma, makilo 2.9. Zaka zinayi adani akuseka, lero achita manyazi. Mlowam'malo wa banja lathu wafika!" Mundikonzereko poti sipali bwino ndisanatumize.

Mayi Nambewe: Iiii, tithokoze Mulungu, mwalandira mlendo azakhali. Koma chala chisathamange. Ndisanafike pa mawuwo ndifunse kaye zinthu ziwiri. Makolo anu ku Thekerani amva kuchokera kwa ndani? Nanga dzina mwabisalo watcha ndani?

Make Pemphero: Amayi ndinawaimbira ine ndemwe dzulo. Atsibweni athu, omwe ndi ankhoswe a ukwatiwu, foni yawo sikupezeka, kumene ali netiweki imavuta. Dzinalo anasankha awiriwo mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Mayi Nambewe: Ndiye mawuwo asungeni kaye, chifukwa nkhani sinafike kwa eni ake. Mwana woyamba ali ndi njira yake yomvekera. Amayi a mkazi kapena amene anadikirira kuchipatala amauza bambo wa mwana. Bamboyo amauza makolo ake ndi ankhoswe ake, ndipo kuchikazi nako amauza mwinimbumba, atsibweni a mayi wochirayo. Anthu amenewa amafunika kumva ndi khutu, kaya pamaso kaya pafoni, wina akuwatchula ulemu wawo. Nkhoswe ikamva kwa mwana wa sukulu amene waona pa sitetasi yanu, imaona ngati yachotsedwa pa udindo, ndipo mawu amenewo imadzawatulutsa tsiku limene banjalo lidzafune thandizo lake. Ngati foni yawo sikugwira, imbirani munthu woyandikana nawo apite akawapatse foni mulankhule nawo, kapena tumani wa kabaza. Musangotumiza uthenga wolemba kwa mwana wawo n'kumati mwawauza.

Chachiwiri ndi chikuta. Mayi ndi khanda amakhala m'nyumba mpaka mchombo utagwa, olowamo ndi owerengeka, ndipo m'mabanja ambiri kuno mwana satchulidwa dzina pagulu nthawi imeneyo. Tsiku lotuluka m'chikuta ndi lomwe agogo amamusambitsa, ena amamumeta tsitsi lobadwa nalo, n'kumuonetsa kwa abale. Dzina limamveka pamenepo. Mukaika nkhope yake pa Facebook lero, ndiye kuti mwamutulutsa m'chikuta inuyo, anthu mazana amuona agogo ake akumubisabe kwa oyandikana nawo nyumba. Apongozi a mchimwene wanu sadzakalipira inu, adzakalipira mkamwini wawo, amene akudya nsima pakhomo pawo.

Bambo a Tamanda: Amayi, ulemu wanu, koma za chikutazi si zakale kodi? Masiku ano mwana amabadwira kuchipatala, anthu a muwodi yonse amamuona, pobwerera amakwera naye minibasi kapena njinga yamoto. Wabisika pati? Ine ndikuona kuti bola atseke nkhope ndi kachithunzi ka mtima, basi atumize. Chimwemwe chimazirala.

Mayi Nambewe: Zoona bambo, chikuta cha lero si chija cha makolo athu, ndipo mabanja ena opemphera anachisiyiratu. Koma wonena kuti chatha pakhomo paja ndi eni khomo, osati azakhali a pa Luchenza. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi mwana atuluka liti?" Akayankha kuti ife sitisunga zimenezo, njira yatseguka. Akayankha kuti tikudikira mchombo, mwadziwa chochita.

Anamwino Nachanza: Ndiwonjezere za masiku, kuti Make Pemphero adziwe kuti kudikirako n'kotalika bwanji. Mchombo umauma n'kugwa wokha, kawirikawiri pakati pa sabata imodzi ndi masabata awiri. Sukokedwa, ndipo supakidwa phulusa, mafuta kapena china chilichonse kupatula mankhwala amene achipatala apereka. Kotero musamaimbe tsiku ndi tsiku kufunsa ngati wagwa chifukwa chofuna kutumiza chithunzi, anthu angayambe kuuseweretsa kuti ufulumire. Ukafiira m'mbali, ukamatuluka mafinya kapena kununkha, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa ife azamba masiku amenewa ali ndi chifukwa chinanso. Sabata yoyamba ndi imene mavuto a khanda amaonekera kwambiri: kukana kuyamwa, kutentha kapena kuzizira thupi, chikasu m'maso ndi pakhungu, kupuma mobanika. Mayinso amatha kutaya magazi ambiri kapena kutentha thupi ali kale kunyumba. N'chifukwa chake timawauza kuti abwerenso pakatha sabata, kenako pa masabata 6. Uthenga ukafalikira pa tsiku lachiwiri, alendo amayamba kubwera, aliyense akufuna kunyamula, wina ali ndi chimfine, ndipo mayi amene sanagone usiku amakhala akuyankha mafoni. Ndipo mwana akabwerera kuchipatala, banja limakhala ndi ntchito yofotokozera anthu amene sakanadziwa n'komwe.

Nangondo: Zabwino zonse azakhali! Mwana wamkazi wobadwa anthu atadikira, maina okoma alipo ambiri: Chisomo, Mphatso, Tadala, Yankho, Tiyamike. Ine Yankho ndimalikonda kwambiri, likugwirizana ndi zaka zinayizo.

Make Pemphero: Zikomo achemwali, koma dzina lilipo kale. Ndimafunsa za mawu olengezera.

Mayi Nambewe: Nangondo wasochera pang'ono koma wandikumbutsa pamene ndinasiyira. Dzina limene awiriwo anasankha silinakhazikike mpaka akuluakulu atalimva. M'mabanja ambiri mwana woyamba amatchedwa ndi akuchimuna, wachiwiri akuchikazi, ndipo wotchayo sabwera chimanjamanja, amaponyapo kandalama kapena kansalu. Ena amasinthanitsa, ena anasiyira makolo a mwana. Mwina amayi anu ku Thekerani akhala akusunga dzina la malemu amayi awo kudikira mdzukulu wamkazi ameneyu. Akamva kuti dzina lina layenda kale m'mafoni, sanena kanthu, koma kumtima kumawawa. Njira yosavuta ndi yakuti mchimwene wanu awauze amayi kuti ife tinaganiza lakuti, inu mukuti bwanji. Nthawi zambiri agogo amavomera, kapena amawonjezera lawo mwana n'kukhala ndi maina awiri. Zikatero palibe wadumphidwa.

Aphunzitsi a ku Goliati: Ine ndilowe m'mawu enieniwo, poti enanu mwakamba za nthawi. Ndiwatenga m'mene alembedwera.

"Ambuye alemekezeke" ndi pabwino, asiyeni. "Takulandira mwana wathu" ndi pokoma kwambiri, chifukwa mukulankhula ndi mwanayo, ndipo chimwemwe chonse cha uthengawu chagona pamenepo.

Pamene pavuta zedi ndi pa "zaka zinayi adani akuseka". Mwalemba ndi mtima woikira kumbuyo mlamu wanu, zikuoneka, koma taonani zimene chiganizochi chikuchita. Chikuuza aliyense, ngakhale amene samadziwa, kuti banjali linavutika kupeza mphatso, nkhani imene mwini wake mwina amangoikamba ndi amayi ake ndi adokotala. Kenako chikuloza chala popanda kutchula munthu. Kumudzi mawu akuti "adani" pa nkhani ya kubereka samveka ngati miseche chabe, amamveka ngati mukuti alipo amene anamanga mimba. Aliyense amene anafunsapo kuti "kodi mphatso liti?" adziona kuti ndi iyeyo, ndipo ambiri mwa ofunsa aja ndi abale a mkazi, amene panopa akumuphikira phala ndi kumuchapira matewera. Chotsani chonsecho, musasiyeko ngakhale "pamapeto pake" kapena "titadikira nthawi yaitali". Ngati mayi wa mwana adzafuna kuchitira umboni kutchalitchi za zaka zimenezo, adzanena yekha ndi pakamwa pake.

Pena ndi pa "mlowam'malo wa banja lathu". Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwana amawerengedwa ku mbumba ya amayi ake, ngakhale akulembedwa ndi dzina la bambo kusukulu. Mlongo wa mkamwini akalemba pagulu kuti mwana ndi wolowa m'malo kwawo, akuchikazi amamva ngati mwayamba kale kukoka. Mawu amene sakhumudwitsa mbali iliyonse ndi otchula mabanja onse awiri, kapena ongoti "kwathu kwabwera mlendo".

Ndiponso pa mlamu wanu gwiritsani mawu akuti "wachira" monga mwachitira pano, osati "wabereka". Ndi aulemu, ndipo amakumbutsa owerenga kuti pali munthu amene wadutsa pa zoopsa. M'mawu anu oyamba aja mayiyo simunamutchule n'komwe.

Make Pemphero: Apo mwandigwira aphunzitsi. Nanga tsiku, ola ndi makilo? Anthu amakonda kufunsa zimenezo.

Anamwino Nachanza: Amafunsadi, koma si onse ofunika kuyankhidwa. Ndiyambe ndi makilo. 2.9 ndi sikelo yabwino, palibe chobisa. Vuto ndi chizolowezi chake: mwana amene wabadwa wosakwana makilo 2.5 timamutenga kuti ndi wochepa thupi, ena mwa iwo amakhala pa kangaru, pachifuwa cha mayi, ndipo nambala ikalembedwa pagulu anthu amayamba kuyerekeza ndi kufunsa kuti mayi ankadya chiyani. Sikelo ndi ya m'buku la kuchipatala. Chimodzimodzi njira imene mwana wabadwira. Kaya ndi opaleshoni kaya ayi, si za pa sitetasi.

Tsiku ndi malo ndiye ndikanize ndithu. Mwana akabadwira kuchipatala pamadzazidwa fomu ya kalembera imene imapita ku NRB kuti chiphaso cha kubadwa chituluke. Zimene zimalembedwa pamenepo ndi dzina lonse la mwana, tsiku lobadwa, malo obadwira ndi maina a makolo. Tsono onani uthenga wanu uja: dzina lonse lilipo, tsiku lilipo, chipatala chilipo, ndipo mukawataga makolo ake maina awonso alipo. Mwalemba chiphaso chonse pakhoma poti aliyense awerenge, ndipo zinthu zimenezi sizisintha moyo wake wonse. Adzazigwiritsa ntchito pa mayeso, pa chitupa cha unzika, ku banki. Mukangoti "sabata ino" kapena "masiku apitawa" chimwemwe sichichepa.

Koma chimene ndikufuna muyang'anitsitse ndi chithunzi cha muwodi chija. Chikulitseni ndi zala, muone ngodya zonse zinayi. Kumbuyo kumakhala bedi la mayi wina, nthawi zina ali chifuwa pamtunda akuyamwitsa, kapena ndi amene mwana wake sanakhale moyo. Iyeyo sanavomere kujambulidwa. Pabedi pamakhala buku la kuchipatala lotsegula, ndipo zipatala zina zimamata kapulasitala kolembedwa dzina la mayi pamkono wa khanda. Pakabati pamakhala mankhwala. Ana obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilombo ka HIV amapatsidwa mankhwala amadzi oti azimwa masabata 6 oyambirira, ndipo kabotolo kake amayi ambiri amakadziwa akangokaona. Sindikunena za mlamu wanu, ndikunena za chithunzi chilichonse cha muwodi, chifukwa kabotoloko kangakhale ka pabedi loyandikana. Mukhoza kuulula za munthu zimene sanauze ngakhale apongozi ake, pomwe lamulo la 2018 la za HIV ndi Edzi limaletsa kuulula zotere mwini wake asanalole. Chithunzi cha muwodi chisatuluke m'foni mwanu, ndi bwinonso kuwauza achimwene anuwo asachitumizenso kwina.

Bambo a Tamanda: Pamenepo ndagonja, za muwodi zisiyidwe. Koma cha kunyumbacho ndikuonabe kuti palibe vuto. WhatsApp imafufuta yokha zosonyeza malo amene chithunzi chinajambulidwira, ndiye palibe angalondole. Komanso sitetasi imatha pa maola 24.

Wokonza mafoni pa Limbuli: Achimwene mwalondola theka. Mukatumiza chithunzi mwa nthawi zonse, posankha Gallery, WhatsApp imachichepetsa n'kuchotsa zobisika za mkati mwake, kuphatikizapo malo. Koma anthu ambiri masiku ano amatumiza ngati Document pofuna kuti chisafuwe, ndipo chikapita choncho chimapita chathunthu. Ngati kamera ya foniyo inayatsidwa zosunga malo, wolandira akhoza kutsegula Details n'kuona pamene nyumbayo ili. Choncho cha mwana chisatumizidwe ngati Document kunja kwa banja.

Komabe anthu salondola ndi zimenezo kawirikawiri, amalondola ndi maso. Chikwangwani cha golosale kuseri kwa windo, nambala ya njinga yamoto pakhonde, yunifolomu ya sukulu pachingwe, mpingo wolembedwa pachitenje. Kwa munthu wa kuno, phiri la Mulanje m'mene laonekera pachithunzi limamuuza mbali imene mwaima. Dulani chithunzicho mpaka patsale chimene mukufuna chokha.

Za maola 24, chimene chimatha ndi sitetasi yanu, osati zimene anthu atengapo. Sikirinishoti ndi kamphindi, ndipo pali timapulogalamu tosungira masitetasi a ena timene anthu ambiri ali nato. Mukafufuta, mwafufuta kwa inu nokha.

Make Pemphero, konzani izi musanaike chilichonse. Mu WhatsApp pitani motere:

```
Settings > Privacy > Status > Only share with...
```

Pamenepo chongani anthu amene mukufuna aone, mmodzimmodzi. Ikakhala pa My contacts, aliyense amene muli ndi nambala yake nayenso ali ndi yanu aona, kuphatikizapo wa makala ndi wa kabaza amene munamusunga chaka chatha. Chenjerani ndi dongosolo lake: muyambe mwasintha, kenako muike sitetasi. Mukasintha mutaika kale, yakale ija imapitirira kuoneka kwa onse aja. Onaninso ngati foni yanu sinalumikizidwe kuti sitetasi izipita yokha ku Facebook, ambiri amayatsa zimenezo osadziwa.

Pa Facebook pali misampha iwiri. Mukasankha Friends koma n'kumutaga mchimwene wanu ndi mkazi wake, anzawo onse a iwowo aonanso, anthu amene inu simuwadziwa. Wina ndi wa chithunzi cha pa Profile ndi cha pa Cover: zimenezo zimaoneka kwa aliyense, ngakhale amene si mnzanu, kaya zina zonse munatseka. Azakhali ambiri amathamangira kuika khanda pamenepo. Pa WhatsApp napo, chithunzi cha pa Profile chikakhala pa Everyone, aliyense wopeza nambala yanu amachiona.

Make Pemphero: Nanga amayi ku Thekerani, ndi mchemwali wathu amene ali ku Joni? Iwowo akufuna kuona nkhope, sangadikire masabata awiri.

Wokonza mafoni pa Limbuli: Amenewo ndi a m'nyumba, koma atumize ndi bambo wa mwana, mkazi wake atavomera, kwa munthu mmodzimmodzi osati pagulu la banja. Magulu a banja amakhala ndi anthu makumi angapo, azilamu, ana a asuweni, ena manambala anasintha eni. Pali kabatani ka View once, kozungulira kokhala ndi 1 mkati, kamene kamachititsa kuti chithunzi chitseguke kamodzi kokha ndipo sikirinishoti imakanika. Kamathandiza, koma munthu akhoza kujambula ndi foni ina, ndiponso kwa agogo n'kovuta chifukwa amafuna kumayang'ana mobwereza, ndipo foni yake nthawi zambiri ndi yobwereka kwa mdzukulu. Kwa iwowo kuimba kwa vidiyo ndi kwabwino kuposa, amuone akuyasamula, amuimbire nthungululu, popanda chotsala m'foni ya wina.

Ndiwonjeze chifukwa china chimene ambiri sachiganizira. Akuba a pafoni amakonda uthenga umene uli ndi zonse. Akadziwa dzina la mayi, chipatala ndi tsiku, amaimbira wachibale kuti mwana wabwerera kuchipatala, pakufunika ndalama msanga, tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money pa nambala iyi poti foni ya bambo ake yazima. Wachibale amakhulupirira chifukwa woimbayo akudziwa zambiri. Pa chifukwa chomwecho musaike nambala yolandirira mphatso pansi pa chithunzi. Wofuna kupereka adzakufunsani kumbali.

Mayi Nambewe: Pa chithunzi cha kunyumbacho onaninso m'khosi, m'chiuno ndi pamutu pa mwana. Agogo ena amamanga kachingwe kapena kupaka mankhwala paliwombo. Ena a m'banja lomwelo ndi a mpingo umene sulola zimenezo. Sindikuweruza kuti olondola ndani, koma nkhani yake ikambidwe pakhomo, isayambire m'makomenti. Ndipo mwana wosavala asajambulidwe, ngakhale ali m'beseni akusamba. Adzakula, ndipo chithunzicho chidzakhala chilipo.

Anamwino Nachanza: Za kachingwe ka m'khosi ndi zopaka paliwombo ife timaletsa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndingotchulapo mwana mmodzi amene malamulo onsewa amakhwima kawiri: wobadwa ndi khungu la chialubino. Tonse tikudziwa zimene zakhala zikuchitikira anzathu amenewa m'dziko muno. Chimwemwe chilengezedwe monga cha mwana aliyense, pakuti ndi mwana monga aliyense, koma mudzi, nyumba ndi tsiku la sikelo zisalembedwe paliponse.

Make Pemphero: Ndamva zonse. Atsibweni ndawapeza kudzera kwa a mpingo oyandikana nawo, alankhula ndi mchimwene wanga ndipo akondwa kwambiri. Ku Chisitu akuti akusunga chikuta, mwana atuluka mchombo ukagwa, dzina adzatchula amayi athu tsiku lomwelo. Ndiye panopa ndisalembe kalikonse?

Aphunzitsi a ku Goliati: Funsani mayi wa mwana, osati bambo okha. Muimbireni nthawi imene wadzuka, mumuwerengere mawuwo m'mene alili, ndipo mufunse mosamukakamiza: "Ndiike kapena ndidikire?" Mlamu wamng'ono amachita manyazi kukaniza mlongo wa mwamuna wake, choncho akangoti "kaya, mmene mwaoneramo", mumve kuti wakana. Akavomera ndi mtima wonse, ndipo amayi ake alibe nazo vuto, mawu a m'chikuta akhale opanda dzina, opanda nkhope, opanda tsiku. Mwachitsanzo:

"Kwathu kwabwera mlendo! Mlamu wanga wachira, Ambuye alemekezeke. Ndine zakhali tsopano, ndipo mtima wanga wadzaza. Mayi ndi mwana akupuma kaye, tidzakuuzani nthawi yodzawaona."

Chiganizo chomalizacho chili ndi ntchito yaikulu. Chikutseka khomo mwaulemu, ndipo chikuyankhiratu amene akanafunsa kuti ali kuti. Chithunzi chake chikhale chopanda mwana: tinsapato toluka, shawelo yopindidwa, kapena chitenje chatsopano chimene mwamugulira mlamu wanu.

Tsiku lotuluka likadutsa, agogo atatchula dzina, mukhoza kulemba achiwiri:

"Takulandira Uje, mdzukulu wa ku Chisitu ndi ku Thekerani. Agogo ako akutcha dzina, ife tavina. Zikomo mlamu wanga, wagwira ntchito yaikulu. Chithunzichi ndi cha pano pokha, chonde tisachitumize kwina."

Dzina loyamba lokha, lopanda la bambo. Pempho la kumapetolo silimanga munthu manja, koma ambiri amene amatumiza zithunzi za ana a eni amatero chifukwa palibe anawauza kuti asatero.

Wokonza mafoni pa Limbuli: Mawu achiwiriwo ndi okoma aphunzitsi, koma midzi iwiriyo ndikanaichotsa akakhala a pa Facebook. Dzina la mwana ndi dera lake zili pamodzi, ndipo dzina la bambo aliyense alipeza pa dzina la azakhali. Pa sitetasi ya anthu osankhidwa zilibe kanthu, onsewo akudziwa kale kwawo.

Aphunzitsi a ku Goliati: Ndavomera. Pa Facebook alembe kuti "mdzukulu wa mabanja awiri", ulemu wa mbali zonse ukhalapobe.

Nangondo: Tsopano ndamvetsa funso. Koma "mayi ndi mwana ali bwino" bwanji simunalembe? Aliyense amalemba choncho.

Anamwino Nachanza: Alembe ngati mayiyo wanena yekha kuti ali bwino. Ambiri amalemba mwachizolowezi pomwe mayi ali ndi bala la opaleshoni, sakutha kukhala pansi, kapena mwana ali ku nazale. Mayi akawerenga zimenezo amaona ngati ululu wake palibe akuuona, ndipo ena amaleka kudandaula poopa kutsutsa zimene dziko lauzidwa kale. "Akupuma" ndi mawu oona tsiku lililonse.

Bambo a Tamanda: Chatsala ndi nkhope. Atatuluka m'chikuta, dzina latchulidwa, makolo avomera. Pamenepo nkhope ioneke ndithu. Mwana si chinthu chobisa, ndipo abale akutali amamudziwa bwanji? Kajambulidwe ka phazi lokha kaja ine kamandimvetsa chisoni, ngati tikuchita naye manyazi.

Mayi Nambewe: Kumwambo, akatuluka watuluka, aliyense amuone. Pamenepo ine ndilibe choletsa. Kungoti kale omuona anali obwera pakhomo, amene mwawapatsa mpando ndipo mukuwadziwa.

Anamwino Nachanza: Ine ndimalangiza kadzanja kagwira chala cha mayi, kapena mwana ali kumsana atatembenukira uko, mpaka kalekale. Osati chifukwa cha manyazi bambo, koma chifukwa iyeyo sangavomere kapena kukana, ndipo chimene chalowa pa intaneti palibe angachibweze. Nkhope apite nayo kwa abale mmodzimmodzi monga tanenera. Koma ndikudziwa makolo ambiri saona choncho, ndipo mwana ndi wawo.

Wokonza mafoni pa Limbuli: Amene asankha kutseka nkhope ndi kachithunzi ka mtima, atseke mkati mwa WhatsApp kapena mu Gallery n'kusunga chatsopano, kenako atsegule chimene asungacho aone ngati chatsekekadi asanatumize. Zimachitika kuti munthu wakonza bwinobwino koma posankha n'kutola choyamba chija, poti ziwirizo zimagundizana ndipo zimafanana zikakhala zazing'ono.

Make Pemphero: Mlamu wanga ndalankhula naye. Mawu a m'chikuta amene aphunzitsi alemba aja wawakonda, wangopempha kuti ndichotse "tidzakuuzani nthawi yodzawaona" n'kulemba "tiwapempherere", akuti anzake a kumsika angatenge ngati lonjezo. Ndaika pa sitetasi ya anthu osankhidwa ndi chithunzi cha shawelo, pa Facebook sindinaike. Za nkhope iye akuti ayi mpaka mwana adzayambe sikelo, mchimwene wanga akuti tsiku lotuluka lomwelo. Ndawasiyira okha akambirane.

Mayi Nambewe: Mwachita bwino kuwasiyira. Tsiku lotulukalo mukapite ndi amayi anu, musaiwale sopo ndi chitenje cha apongozi a mchimwene wanu amene adikirira chikuta. Ndipo pofika mufunse kaye ngati kujambula n'kololedwa pa nthawi yomusambitsa, mabanja ena salola foni m'nyumbamo mpaka mwana atavekedwa n'kutulutsidwa pakhonde.